Bwanji timangolota kwa agogo ndi ku pulayimale chonsecho tinachokako kalekale?

Sabata yatha ndalotanso ndili kwa agogo ku Dedza. Ndikuti ndalotanso chifukwa malotowa amandibwerera kanayi kaya kasanu pa chaka, chonsecho ine pano ndi bambo wa zaka zopitirira 40, ndili ndi ana anga, ndikuchita lendi ku Lilongwe, ndipo nyumba ya agogoyo inagwa kalekale moti pamalopo amalume amalimapo kachewere. Koma m'malotomo nyumba ili chilili. Ndalowera kuseri kwa nkhokwe mmene tinkachitira tikachedwa kobwera, ndafika pakhonde ndapeza ayalapo madesiki, eti mayeso a masamu a Sitandade 8 tilembera pomwepo. Invijileta ndi abwana anga a kuntchito. Ine ndilibe cholembera, ndilibe nsapato, pepala ndikaliyang'ana manambala akusinthasintha, uku agogo amene anatisiya zaka zoposa 20 zapitazo akukazinga chimanga pambali ngati palibe chikuchitika. Kenako ndatsegula chitseko chabuluu ndapeza chipinda chachikulu chimene sichinakhalepo m'nyumba imene ija. Ndadzidzimuka tambala akulira, mtima uli thi thi thi koma nthawi yomweyo ndikumva kukoma kwinakwake, kuja kokhala ngati wangochokera kumene kwanu.

Nditamufotokozera mnzanga wa kutchalitchi sanachedwe, anati achimwene umenewo ndi mzimu wobwerera m'mbuyo, pakufunika mapemphero amphamvu. Ambiri munamvapo zimenezi, kuti ukamalota sukulu yakale kapena kumudzi ndiye kuti wina anakumanga kuti usapite patsogolo. Ine za chikhulupiriro cha munthu sindilimbana nazo. Chimene ndinganene ndi choti akatswiri atafunsa anthu ku America ndi ku Japan mu 1958, kenako ku Canada ndi ku Germany zaka za m'ma 2000, maloto a sukulu, aphunzitsi ndi mayeso ankapezeka m'gulu la maloto otchuka kwambiri, limodzi ndi aja othamangitsidwa ndi aja ogwa kuchokera pamwamba. Zoona ambiri ofunsidwawo anali a ku yunivesite nde sukulu inali ikadali pamphuno, koma funsani azakhali anu amene anapuma ntchito, akuuzani kuti nawonso amalotabe belu la asembule. Onsewa sanamangidwe. Pali chimene ubongo umachita usiku, ndipo ukachimvetsa maloto ngati anga aja umatha kuwamasula chidutswachidutswa ngati mmene makaniko amamasulira injini.

Choyamba choti tichotse m'mutu ndi ganizo loti maloto ndi filimu ya zakale imene ubongo ukuibwereza. Si choncho. Mu 2003 gulu la Robert Stickgold ku Harvard linapempha anthu 29 kuti kwa masabata awiri azilemba zimene achita masana komanso zimene alota usiku. Anasonkhanitsa maloto 299. Pafupifupi 65 pa 100 aliwonse anali ndi kenakake kochokera m'moyo weniweni wa masiku amenewo, kaya munthu, kaya malo, kaya nkhawa, koma maloto obwereza chochitika chonse mmene chinalili, malo omwewo anthu omwewo zochita zomwezo, sanapitirire 2 pa 100. Ndiye kuti ubongo ukamalota sutenga tsiku lathunthu, umangotola zidutswa. Khonde kuchokera uku, abwana kuchokera uko, mantha kuchokera kwina, n'kusoka pamodzi ngati telala wosoka zigamba.

Chimene chimapangitsa kuti zosokazo uzingozivomera osadabwa ndi mtundu wa tulo timene maloto otere amabweramo kwambiri. Tulo timayenda mozungulira, ulendo umodzi pafupifupi mphindi 90, ndipo pa ulendo uliwonse pamakhala gawo limene maso amayendayenda mkati mwa zikope, akatswiri amalitcha REM, analitulukira ku Chicago mu 1953. Gawoli kumayambiriro kwa usiku limakhala lalifupi, kukamacha limatalika, n'chifukwa chake maloto ataliatali ankhani amakonda m'bandakucha. Nthawi imeneyo mbali za ubongo zokhudza mantha, chisoni ndi chikondi zimakhala zili yakaliyakali pamene mbali ina ya kutsogolo, chakumphumi, ija imafunsa kuti kodi zimenezi zikumveka, imakhala yazilala. Nde abwana a ku ofesi atha kuima pakhonde la agogo atanyamula mapepala a mayeso iwe osafunsa n'komwe kuti afika bwanji kuno.

Funso lenileni ndi loti bwanji bwalo lake limakhala lakale. Ine ku Lilongwe ndasamuka nyumba zisanu ndi imodzi, ina ndinakhalamo zaka zinayi, koma sindinailotepo olo kamodzi. Ya agogo yokha basi.

Mkati mwa ubongo, chakumbali cha m'makutumu, muli kachiwalo kotchedwa hipokampasi, kamene kamathandiza kusunga zochitika komanso kujambula mapu a malo. Mu 1971 John O'Keefe ku London anapeza kuti mu hipokampasi ya khoswe muli maselo amene amayaka pokhapokha khosweyo akafika pamalo enaake, lina pakona iyi, lina pakhomo, lina pamene pali chakudya. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway. Ndipo mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaona kuti makoswe akagona, maselo amene ankayakira limodzi masana poyenda amayakiranso limodzi kutulo, ngati ubongo ukuyendanso njira ija. Khoswe sangatiuze ngati amalota, koma izi zikutionetsa kuti ubongo wogona umakonda kubwerera pa malo, komanso kuti zokumbukira zathu zimapachikidwa pa malo ngati zovala pa chingwe.

Tsono mapu onse si ofanana mphamvu. Pali bambo wina wa ku California amene m'mabuku amangomutcha E.P., matenda a muubongo anamuonongera hipokampasi mbali zonse ziwiri moti chatsopano chilichonse chinkangodutsa osakhazikika. Mu 1999 Edmond Teng ndi Larry Squire anamuyesa za dera limene anakulira, komwe anachokako zaka zoposa 50 m'mbuyomo. Ankamufunsa kuti kuchoka kwanu kupita kusukulu unkadzera kuti, nanga msewu uwu atautseka ungazungulire kuti, ndipo bamboyo ankayankha bwinobwino mofanana ndi anzake amene anakulira komweko. Koma za dera limene ankakhala nthawi imeneyo, komwe anasamukira atadwala kale, sankadziwa njira olo imodzi. Mapu akale anali atakhazikika mbali zina za ubongo, osadaliranso kachiwalo kaja.

Ganizirani mmene mwana amaphunzirira nyumba. Saiphunzira ndi maso okha ayi. Amaikwawa, amadziwa pamene pansi panakumbika chifukwa anapunthwapo kakhumi, amadziwa kulira kwa chitseko, fungo la dothi agogo akangozira kumene, pamene mphasa imakhala, njira ya kuchimbudzi usiku kopanda nyali. Njira ya kusukulu waiyenda kupita ndi kubwera zaka zisanu ndi zitatu, kwa ife ena zisanu ndi zinayi chifukwa chobwereza kalasi, pansi wapansi, mame akunyowetsa miyendo. Nyumba ya lendi ya ukulu umangofikamo kwada, kudya, kugona, m'mawa pa minibasi maso ali pa foni. Ine ndimaona kuti ubongo ukafuna bwalo loti uchitirepo sewero la usiku umatenga lomwe uli nalo pafupi ndipo sulivutikira kumanga, lomwe lili ndi ngodya zonse kale. Komanso ndi pamalo amenewo pomwe unayambira kudziwa zinthu zina zikuluzikulu. Manyazi unawadziwira kutsogolo kwa bolodi choko chili m'manja kalasi yonse ikuseka, kuopa wamkulu unakudziwira pa ofesi ya ahedi, kutetezedwa unakudziwira kumbuyo kwa chitenje cha agogo. Nde lero ukamva manyazi kapena mantha a mtundu womwewo, chingwe chimakoka malo amene unawamvera koyamba.

Pali chinanso chimene akatswiri a zokumbukira anachiona kalekale. Ukafunsa munthu wachikulire kuti afotokoze za moyo wake, nkhani zambiri zimachokera pakati pa zaka 10 ndi 30, pamene za asanakwanitse zaka zitatu zimakhala kulibiretu. Nthawi ya kumapeto kwa pulayimale, sekondale, kugonera kusukulu, chibwenzi choyamba, ndiyo imadzaza nkhokwe. Nkhokwe ikadzaza ndi chimanga cha munda umodzi usadabwe kuti nsima ya usiku ikuchokera munda womwewo.

Tiyeni tsono tibwerere ku maloto anga aja tiwamasule, chifukwa ndinachitadi zimenezi, ndinatenga kope n'kulemba chinthu chilichonse chimene ndinaona, pambali pake n'kulemba kuti chachokera chaka chiti.

Kaimidwe ka nyumba, nkhokwe kumanzere, khonde loyang'ana kum'mawa, njira yodzera kuseri, zonsezo ndi zenizeni, za m'ma 1990. Madesiki ndi a kusukulu koma osati a Sitandade 8, chifukwa ife titafika makalasi akuluakulu pulayimale inali itakhala yaulere kuyambira 1994, ana anachuluka moti ambiri tinkakhala pansi, madesiki a m'malotowo ndi a ku sekondale. Abwana ndi a sabata yomweyo, ndinali ndi lipoti loti ndipereke Lachisanu ndipo ndinali ndisanaliyambe. Kusowa nsapato ndi kwakale, koma kumva kuti aliyense akundiyang'ana kumapazi ndi kwa Lachiwiri lomwelo, pa msonkhano wina pamene ndinafunsidwa funso n'kusowa choyankha. Alandilodi nawo anali atangonena kuti akweza lendi mwezi wamawa. Mukuona kuti bwalo ndi lakale koma nkhani yake ndi ya sabata ino. Maloto sanandibweze m'mbuyo, anangobwereka khonde la agogo kuti akambirepo za lipoti ndi lendi.

Za mayesozi pali kanthu kena koseketsa kamene Sigmund Freud, katswiri wakale wa za maganizo, anakalemba m'buku lake la maloto, ndipo ngakhale zambiri za mkuluyu akatswiri a lero anazitaya, apa anaona bwino. Anati anthu amakonda kulota akulephera mayeso amene m'moyo weniweni anakhoza. Inenso masamu a Sitandade 8 ndinakhoza, ndinasankhidwa. Phunziro limene ndinalakwadi ku Fomu 4 sindinalilotepo.

Chitseko chabuluu ndiye chinandivuta. Ndinali wotsimikiza ndi mtima wonse kuti chitseko cha agogo chinali chabuluu, ndimachiona ngakhale ndili maso. Nditafunsa achemwali anga pa WhatsApp anaseka, amvekere iwe chitseko cha agogo chinali cha matabwa osapaka kanthu, chabuluucho ndi cha nyumba ya aphunzitsi pomwe tinajambulitsa chithunzi chija. Ndipo ndi zoona, pali chithunzi chimodzi chokha cha ubwana wathu, ine ndi achemwali ndi agogo titaima pakhomo la eni ake chifukwa wojambula anati pamenepo ndiye powala bwino. Chithunzicho ndachiyang'ana kambirimbiri kwa zaka 30 mpaka chitseko cha eni chinasamuka n'kukalowa m'nyumba ya agogo m'mutu mwangamu.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Kukumbukira si kutsegula sutikesi n'kupeza zinthu mmene unazisiyira. Nthawi iliyonse ukakumbukira umamanganso, ndipo pomangapo umalowetsamo zimene wamva kwa ena, za pa chithunzi, ndi mmene ukumvera tsiku limenelo. Frederic Bartlett wa ku Cambridge anazionetsa kale mu 1932 pouza anthu nthano yachilendo n'kumawauza kuti aibwereze patapita nthawi, nthanoyo inkafupika n'kumasintha kufanana ndi zimene anthuwo anazolowera. Mu 1995 Elizabeth Loftus anafika pouza anthu nkhani yopeka yoti ali ana anasochera m'sitolo yaikulu, ponena kuti wafotokoza ndi wachibale, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi anayamba kuikumbukira ngati inachitikadi. Ndiye nyumba imene maloto amatenga si ija inamangidwa ndi zidina, ndi ija yamangidwa ndi kukumbukira kwa zaka zonsezi, yokonzedwa kale kambirimbiri.

Ndipo amene amaikonza kwambiri ndi kupukwa. Mawu oti nositalujiya amene azungu amagwiritsa ntchito anawapanga ndi Johannes Hofer, wophunzira za udokotala, mu 1688 ku Basel, polumikiza mawu awiri a Chigiriki, kubwerera kwanu ndi ululu. Iye ankautenga ngati matenda enieni, ogwira anthu a ku Switzerland amene ali kutali ndi kwawo, monga asilikali okagwira ntchito ya nkhondo m'maiko a eni. Ife tili ndi mawu athu kale, kupukwa, ndipo aliyense amene anakhalako ku Joni kapena amene anapita ku sekondale yogonera komweko ali ndi zaka 14 akudziwa kuti kumagwira m'mimba ngati njala. Masiku ano akatswiri ngati Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut a ku Southampton anapeza kuti chimene chimadzutsa kupukwa kawirikawiri ndi kusasangalala, makamaka kusungulumwa, ndipo munthu akakumbukira kwawo kwa kanthawi amayamba kumva kuti ali ndi anthu, sali yekha. Ndiye kupukwa kuli ngati thupi kufuna moto likazizidwa.

Koma kupukwa kumasefa. Pali chizolowezi cha ubongo chimene chayesedwa kambiri, choti ululu wa zinthu zoipa umazilala msanga kusiyana ndi kukoma kwa zinthu zabwino. Chochitikacho umachikumbukirabe koma mbola yake imachoka. Nyumba ya agogo ija inkadontha, dzinja lililonse tinkasuntha mphasa usiku kuthawa madontho, munali nsikidzi, ndipo mu 1992 chaka cha chilala tinkadya kamodzi patsiku nsima ya chimanga chachikasu cholandira. Zonsezi ndikuzidziwa, ndikhoza kuzifotokoza, koma m'maloto sizibwera. M'maloto agogo amakhala akukazinga chimanga nthawi zonse, dzuwa la madzulo, kunja kofunda, ku Dedza kwenikweniko kofunda eti. N'chifukwa chake ndinadzuka ndi zinthu ziwiri, mantha a mayeso ochokera ku ofesi ndi kukoma kochokera kwa agogo osefedwa bwino. Ine ndimaona ngati sabata imene zinthu zandithina ndi yomwe ubongo umakatenga munthu amene pamaso pake sindinkafunika kukhoza chilichonse kuti andipatse chakudya.

Chipinda chachikulu chija chosakhalapo, anthu ambiri amachilota ndipo ena amachimasulira kuti ndi madalitso obisika kaya luso limene sunalitulukire. Ine ndimachiona mophweka. Mapu a mwana ali ndi malo amene sankaloledwa kulowa, kwa ife chinali chipinda cha agogo aamuna, chamdima, ndinalowamo mwina kawiri moyo wanga wonse. Pamene mapu ali ndi dzenje ubongo wolota umadzazapo ndi chilichonse chili pafupi, ndipo changa chija nditachiganizira bwino chinali ndi mawindo a holo ina imene tinachitiramo ukwati wa mphwanga. Kukula kwake nakonso n'kosadabwitsa, nyumbayo ndinaiyeza ndi thupi la mwana wofika m'chiuno mwa akuluakulu, muyeso umenewo sunasinthidwe.

Kusefa sikuthera kutulo. Maloto amafufutika msanga kwambiri, ukangotembenuka n'kugwira foni theka lapita, nde chimene umafotokozera anthu masana ndi chimene wamanganso, waika poyambira ndi pothera, wachotsa zosamveka. Mukafuna kuyesa zimene ndachita inezi ikani kope ndi cholembera pafupi ndi pilo, mukadzuka musadzambatuke, khalani kaye mmene munagonera n'kulemba zidutswa mmene zabwerera ngakhale zisakugwirizana, kenako mulembe mmene mumamvera m'malotomo ndi mawu amodzi kaya awiri. Madzulo ndiye mufunse chidutswa chilichonse kuti iwe wachokera chaka chiti. Musayang'ane za dzulo zokha, pali kafukufuku woonetsa kuti zinthu zina zimatulukira m'maloto patapita masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Pakatha mwezi mudzayamba kuona kuti sukulu imabwera masabata amtundu wanji.

Pali mtundu umodzi wa maloto a kunyumba yakale umene suli m'gulu limeneli ndipo sufunika kuutenga mwachibwana. Maloto wamba amasintha, lero khonde mawa kudambo, anthu ake ena. Koma munthu amene anakumana ndi zoopsa m'nyumbamo, kumenyedwa, kugwiriridwa, moto, kapena ngati abale athu a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe amene nyumba zinawakokolokera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amatha kulota chinthu chomwecho chikubwera pafupifupi mmene chinachitikira, usiku ndi usiku, kudzuka thukuta lili kamukamu mpaka kuyamba kuopa kugona. Pamenepo sefa ija yakanika, mbola sinachoke. Zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza ntchito kapena sukulu ndi bwino kukaonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo kuchipatala, ndipo njira imodzi imene amagwiritsa ntchito ndi yoti munthu alembe malotowo masana, awasinthe mathero mmene iye akufunira, n'kumawayeseza m'maganizo mphindi 10 kaya 20 tsiku lililonse. Komanso maloto akangoyamba kuwala modabwitsa mwadzidzidzi yang'anani zimene mukumwa. Mankhwala ena monga efavirenzi, amene anali m'ma ARV ambiri kale, amadziwika ndi maloto amphamvu, ndipo munthu amene amamwa mowa kwambiri akasiya amalota zoopsa masiku oyambirira chifukwa tulo ta REM timene mowa unkatipondereza timabwerera mwamphamvu. Mankhwala musasiye nokha, kawafotokozereni adokotala.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ku maliro, mwambo utatha ndinapempha amalume kuti andionetse pamene panali nyumba ija. Anandilondolera pakati pa mizere ya kachewere, maziko akuonekabe pang'ono chifukwa dothi lake ndi lofiirira kusiyana ndi lozungulira. Ndinayenda kuchoka kona ina kufika ina, mapazi asanu ndi awiri basi, mbali inayo asanu. M'menemo tinkagonamo anthu asanu ndi mmodzi. Ndinawafunsa kuti nanga mtengo wa mango uja unali apa munadula liti, amalume anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mphwanga, pano sipanakhalepo mango, panali mapichesi awiri, mango ukunenawo ndi a kusukulu kwanu aja munkapachikapo belu.